Asayimenti yolembedwa m'magawo: njira yochepetsera kubera

Asayimenti yolembedwa m'magawo ndi ntchito imene wophunzira sapereka yonse kamodzi pa tsiku lomaliza. Amaipereka pang'onopang'ono: ganizo lake loyamba, umboni umene wasonkhanitsa, chimangirizo choyeserera chimene ophunzira amachitcha dirafuti, chimangirizo chomaliza, kenaka kalata yaifupi yofotokoza momwe maganizo ake asinthira m'kati mwa ntchitoyo. Gawo lililonse limakhala ndi tsiku lake ndi malikisi ake. Cholinga n'chakuti mphunzitsi aone njira imene wophunzira wayenda, chifukwa chimangirizo chomaliza pachokha chasiya kukhala umboni wokwanira wakuti mwini dzina ndiye anachilemba.

Njirayi si yachilendo. M'chaka cha 1972, mphunzitsi wa luso lolemba wa ku America, Donald Murray, analimbikitsa aphunzitsi anzake kuti aziphunzitsa kulemba ngati ntchito yodutsa m'masitepe, m'malo mongodikira kuchonga zomalizidwa. Iye ankaganizira za kuphunzira, osati za kubera. Koma kuchokera pa 30 Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ganizo lakalelo lapeza ntchito yachiwiri. Kale wobera ankafunika likasa, chimangirizo cha mnzake wa chaka chatha, kapena ndalama yolipira munthu womulembera. Lero foni ya m'manja imatha kutulutsa masamba asanu a Chingerezi chosalala munthu asanamalize kumwa tiyi.

Chifukwa chake kungofufuza zolembedwa sikukwanira

Ganizo loyamba la sukulu zambiri linali lakuti makina agwidwe ndi makina anzake. Zotsatira zake sizinakondweretse. Kampani ya OpenAI yomweyo inatulutsa pulogalamu yozindikira zolembedwa ndi makina mu Januwale 2023, koma inaichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Mu Ogasiti 2023, Yunivesite ya Vanderbilt ku America inathimitsa mbali ya Turnitin yozindikira zolembedwa ndi makina, poopa kuimba mlandu ophunzira osalakwa.

Choopsa kwambiri kwa wophunzira wa ku Malawi ndi chimene akatswiri a ku Yunivesite ya Stanford anapeza m'chaka cha 2023. Iwo anapatsa mapulogalamu 7 otere zimangirizo 91 zolembedwa ndi anthu enieni amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinaweruzidwa kuti n'zolembedwa ndi makina. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi amakonda mawu otetezeka ndi ziganizo zowongoka, ndipo kalembedwe kotere n'kamene mapulogalamuwo amakakayikira. Maso a mphunzitsi nawo amapusitsika. Pa kafukufuku wa ku Yunivesite ya Reading ku Britain, amene anasindikizidwa mu 2024, mayankho olembedwa ndi makina anasakanizidwa mwachinsinsi ndi a ophunzira enieni, ndipo 94 mwa 100 alionse anadutsa osazindikirika.

Choncho kulondalonda chimangirizo chomaliza kuli ngati kufunsa nsima kuti inene amene waiphika. Wofuna kudziwa ayenera kukhalako kukhitchini, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Chitsanzo: asayimenti ya makala

Kuti njirayi imveke bwino, n'kofunika kuitsata pa asayimenti imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha mphunzitsi wa pa koleji amene ali ndi ophunzira 60 a chaka chachiwiri, ndipo akuphunzitsa za chilengedwe ndi chitukuko. Funso limene lakhala likufunsidwa chaka ndi chaka ndi lakuti: "Fotokozani zifukwa zimene nkhalango zikuthera m'Malawi." Funso lotere makina amaliyankha bwino kuposa ophunzira ambiri, chifukwa mayankho ake ali ponseponse: kuchuluka kwa anthu, kutsegula minda, fodya, njerwa, makala. Palibe chimene funsoli likufuna chimene chili m'mutu mwa wophunzira mmodzi yekha.

Mphunzitsi amayamba ndi kulipanikiza funsolo. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo, komabe mbaula ikuyaka pafupifupi pa khomo lililonse la m'tauni. Funso latsopano likhoza kukhala lakuti: "Pogwiritsa ntchito zimene mwamva kwa mabanja atatu a m'dera limene mukukhala, komanso zolemba ziwiri zimene mwawerenga, fotokozani chifukwa chake mabanjawo akuphikirabe makala." Mutu sunasinthe, koma tsopano theka la yankho lili ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi, kumene pulogalamu ya pa foni sinafikeko.

Izi zokha sizokwanira, chifukwa makina amathanso kupeka mabanja atatu ndi mawu awo. Mphamvu ya njirayi ili pa kulumikizana kwa magawo, ndipo gawo loyamba limachitikira m'kalasi. Pa sabata yoyamba, mafoni ali m'zikwama, wophunzira aliyense amalemba pamanja kwa mphindi 20 yankho limene akuganiza kuti adzapeza, chifukwa chake akuganiza choncho, ndi mabanja a mtundu wanji amene akufuna kucheza nawo. Mphunzitsi sachonga galamala. Amangosayina, kulemba deti, n'kusunga mapepalawo kapena kuwajambula pa foni. Pepala limeneli lili ndi ntchito ziwiri. Limasonyeza Chingerezi chenicheni cha wophunzirayo pamene palibe womuthandiza, ndipo limakhomerera poyambira pa maganizo ake, kuti pambuyo pake asadzanene kuti ankadziwa zonse kuyambira kale. Wophunzira wina wa ku Ndirande, mwachitsanzo, akhoza kulemba kuti anthu amaphikira makala chifukwa nyumba zawo zilibe magetsi.

Pofika kumapeto kwa sabata yachitatu, wophunzira amabweretsa umboni wosakonza. Umenewu ndi kope limene ankalembamo pocheza ndi mabanjawo, m'chiyankhulo chimene anacheza, ndi madeti ake, zofufuta zake ndi zidule zake. Amabweretsanso ndime imodzi kuchokera m'cholemba chilichonse mwa ziwiri zimene wawerenga, pamodzi ndi nambala ya tsamba ndi chithunzi cha tsambalo. Chimodzi mwa zolembazo chikhoza kukhala ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027. Lamulo la chithunzi cha tsamba lingaoneke laling'ono, koma limatseka khomo lalikulu. Makina olemba amadziwika ndi kupeka mabuku ndi alembi amene kulibe. M'chaka cha 2023, bwalo la milandu ku New York linalipitsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka zikalata zotchula milandu imene ChatGPT inangopeka. Tsamba la buku limene kulibe silingajambulidwe.

Apa mphunzitsi wosamala amaika malire momveka. Mayina a mabanja salembedwa, ogulitsa makala satchulidwa kapena kujambulidwa, ndipo aliyense wofunsidwa amauzidwa kuti macheza ndi a sukulu. Nkhaniyi ikukhudza lamulo, ndipo asayimenti siyenera kusandutsa wophunzira kukhala kazitape wa oyandikana naye nyumba.

M'kope la wophunzira wa ku Ndirande uja mukhoza kupezeka zinthu zotsutsana ndi pepala lake loyamba. Mabanja awiri mwa atatuwo ali ndi magetsi. Banja loyamba lili ndi kamphika kamagetsi kowiritsira madzi, koma nyemba limaphika pa mbaula chifukwa zimatenga maola angapo ndipo mayunitsi amatha msanga. Banja lachiwiri limagawana mita ndi a landilodi, amene analetsa kuphikira magetsi. Lachitatu liliberetu magetsi, ndipo limagula makala a m'timapepala tating'onoting'ono tsiku ndi tsiku chifukwa silingakwanitse thumba lathunthu nthawi imodzi. Kusemphana kumeneku pakati pa zimene ankayembekezera ndi zimene wapeza ndiko chuma cha asayimenti yonse, ndipo magawo otsatira amamangidwa pa iko.

Dirafuti ndi funso limodzi

Pa sabata yachinayi wophunzira amapereka dirafuti ya mawu pafupifupi 600. Siyenera kukhala yokongola. M'kalasi, ophunzira amasinthana awiriawiri kwa mphindi 15, ndipo wowerenga amalemba pansi pa pepala la mnzake mfundo imodzi imene sanaimvetse ndi ina imene sakugwirizana nayo, n'kusayina. Kenaka mphunzitsi amawerenga madirafuti onse mwachangu.

Aphunzitsi ambiri amalakwitsa pamenepa. Amadzaza pepala ndi inki yofiira, kukonza zilembo ndi mitengero, n'kutopa asanafike pa wophunzira wa khumi. Ena amalemba ndemanga zonga "onjezerani mfundo" kapena "konzani mawu oyamba", zimene zikhoza kulembedwa pa pepala la aliyense ndipo makina amazikwaniritsa m'kuphethira kwa diso. Chofunika ndi funso limodzi lokha, lochokera pa umboni wa wophunzira ameneyo, limene sangaliyankhe popanda kubwerera ku kope lake kapena ku banja limene anacheza nalo. Kwa wa ku Ndirande uja mphunzitsi akhoza kulemba kuti: "Mwanena kuti vuto ndi umphawi. Nanga banja lachiwiri lija, likanakhala ndi ndalama zambiri koma likukhalabe m'nyumba yomweyo, likanasiya makala? Kafunseninso."

Funso lotere limagwira ntchito chifukwa silinalipo pamene asayimenti inkaperekedwa. Wophunzira amene analipira munthu kuti amulembere zonse pasadakhale ayenera kubwereranso kwa iye, n'kulipiranso. Amene anapeka mabanja ayenera kupeka ulendo wachiwiri wogwirizana ndi bodza loyamba, n'kukumbukira zonse. Bodza likamakula limafuna chikumbumtima chakuthwa, ndipo pang'onopang'ono kubera kumayamba kulemera kuposa kungogwira ntchitoyo. Apa ndi pamene njirayi imapindulira: sithetsa kubera, koma imakukweza mtengo.

Chimangirizo chomaliza, cha mawu pafupifupi 1,500, chimabwera pa sabata ya 6, chitamatidwa pamodzi ndi dirafuti ija, ndemanga ya mnzake ndi funso la mphunzitsi.

Kalata yodziunika

Pamwamba pa chimangirizocho wophunzira amaika kalata ya mawu osapitirira 300. Mbali imeneyi ndi imene anthu amaimvetsa molakwika kwambiri. Ambiri amaganiza kuti makina sangalembe zakukhosi kwa munthu. Amatha, ndipo amatha bwino. Wophunzira akauzidwa kuti "fotokozani zimene mwaphunzira", makina amulembera ndime yogwira mtima yonena kuti ntchitoyi yamutsegula maso, yamuphunzitsa kuleza mtima ndi kufunika kosamala chilengedwe. Ophunzira oona mtima nawo amalemba zomwezo, chifukwa funso lopanda pogwira limabala yankho lopanda pogwira.

Kalata yothandiza imafunsa zinthu zimene mphunzitsi angathe kuzitsimikizira pa mapepala amene ali nawo m'manja. Kodi ndi chiganizo chiti cha m'pepala la sabata yoyamba chimene simukuchikhulupiriranso, ndipo ndi mawu ati a m'kope lanu amene anakusinthani maganizo? Kodi funso la mphunzitsi munaliyankha pa ndime iti? Kodi ndi ndemanga iti ya mnzanu imene munaikana, ndipo chifukwa chiyani? Kodi ndi mfundo iti ya m'chimangirizochi imene umboni wake ukukukayikitsanibe?

Kusiyana kwa mayankho kumaonekera msanga. Kalata ina imangonena kuti mwini wake wazindikira kuti nkhani ya makala ndi yovuta ndipo ili ndi mbali zambiri. Chiganizo chimenechi chikhoza kumatidwa pa mutu uliwonse, kaya ndi wa kolera kapena wa feteleza. Kalata ya wa ku Ndirande uja imanena kuti poyamba analemba kuti vuto ndi kusowa kwa magetsi. Kuti anasintha atamva za mita yogawana pa tsamba lachinayi la kope lake. Kuti atabwereranso anauzidwa kuti banjalo lingagule silinda ya gasi likanakhala ndi poyambira, ndipo izi anaziika m'ndime ya 7. Kuti mnzake anamuuza achotse nkhani ya nyemba poti ndi yaing'ono, koma anakana chifukwa ndi imene ikusonyeza kuti mtundu wa ndiwo umalamula mtundu wa moto. Mphunzitsi amatsegula tsamba lachinayi, ndime ya 7 ndi ndemanga ya mnzakeyo, ndipo m'mphindi ziwiri amadziwa ngati zikugwirizana.

Funso lokhudza ndemanga yokanidwa lili ndi phindu lapadera. Makina akapatsidwa ndemanga amakonda kuvomera zonse ndi kuthokoza. Munthu amene walimbana ndi mfundo kwa masabata angapo amakhala ndi kakhalidwe kena: amaiteteza, nthawi zina mouma mutu. Funso lomaliza lija, lokhudza pamene umboni uli wofooka, limaulula zomwezo. Wolemba yekha amadziwa pamene anazembera, monga momwe mmisiri amadziwira pamene anabisa mng'alu ndi pulasitala.

Pali malire ena ofunika kuwasunga. Kudziunika kumene kukufunidwa ndi kwa maganizo pa ntchitoyo, osati kwa moyo wa munthu. Mphunzitsi amene amapereka malikisi ambiri kwa ofotokoza mavuto a kwawo mokhudza mtima amaphunzitsa ophunzira kugulitsa misozi, ndipo amakakamiza ena kuulula umphawi umene sanafune kuti udziwike. Chachiwiri, kalatayi siyenera kuchongedwa potengera kukongola kwa Chingerezi. Ngati malamulo a sukulu akulola, wophunzira akhoza kuilemba m'Chichewa kapena m'chiyankhulo china chimene mphunzitsi amamva, chifukwa chikufunika ndi kulondola kwa zimene akunena. Pomaliza, kalatayi ndi malo oyenera kuti wophunzira anene ngati anagwiritsa ntchito makina, pa gawo liti ndiponso motani. Kuti anene zoona, lamulo liyenera kulembedwa pa pepala la asayimenti kuyambira tsiku loyamba. Mwachitsanzo, kukonzetsa galamala n'kololedwa ngati wanena, koma kulembetsa ndime kapena kupeketsa umboni n'kubera.

Mphindi zisanu zapakamwa

Zonse zafotokozedwazi, kupatula pepala loyamba, zimachitika mphunzitsi asakuona. Wophunzira wochenjera ndi wakhama pa zoipa akhoza kupatsa makina pepala lake loyamba, funso la mphunzitsi ndi ndemanga ya mnzake, n'kuwalamula kuti alembe dirafuti yokhala ndi zolakwika zadala, chimangirizo chomaliza ndi kalata yogwirizana nazo. N'chifukwa chake unyolo umene unayambira pamaso pa mphunzitsi uyeneranso kuthera pamaso pake.

Pa sabata ya 7, wophunzira aliyense amakhala ndi mphunzitsi kwa mphindi zisanu, chimangirizo chili patebulo. Si mayeso oloweza ndipo si bwalo la milandu. Mafunso amakhala awiri kapena atatu, ochokera pa zimene iye mwini analemba. "Mawu awa pa ndime yachitatu mukutanthauza chiyani?" "Banja lachitatu lija thumba lonse silikwanitsa, nanga pa mwezi limawononga zambiri kapena zochepa poyerekeza ndi logula thumba?" "Mukanapeza banja lachinayi, mukanasankha lotani?" Amene anayendadi m'makomomo amayankha ndi zinthu zimene sanazilembe n'komwe: kuti anapeza mayi akupepeta mpunga, kuti anachita kubwerako kawiri chifukwa bambo anali kuntchito. Amene sanayendemo amabwereza ziganizo za papepala, ndipo akafunsidwa kunja kwa izo amasowa poponda.

Kafukufuku wamkulu wa ku Australia, amene gulu lotsogoleredwa ndi Tracey Bretag linachita pakati pa ophunzira oposa 14,000 a m'mayunivesite 8, amagwirizana ndi kamangidwe kameneka ngakhale kuti anachitika makina olembawa asanafale. Ophunzirawo anati ntchito zimene n'zovuta kwambiri kulembetsa kwa wina ndi zochitikira m'kalasi, zofunsidwa pakamwa, zopangidwira munthu payekha, ndi zodziunika pa ntchito imene munthu wagwira kunja kwa kalasi. Zosavuta kulembetsa zinali zokhala ndi nthawi yochepa komanso zonyamula malikisi ambiri pa ntchito imodzi. Kafukufukuyo sanapeze mtundu wa asayimenti umene sungaberedwe konse.

Mfundo ya malikisiyo ndi yofunika kuitsata. Ngati chimangirizo chomaliza chitenga malikisi 90 pa 100, ophunzira amaona magawo enawo ngati mwambo chabe. Pa asayimenti ya makala, kugawa koyenera kukhoza kukhala kotere: 10 pa pepala loyamba, 20 pa umboni, 15 pa dirafuti, 30 pa chimangirizo chomaliza, 10 pa kalata, ndi 15 pa zokambirana zapakamwa. Amene wagula chimangirizo chabwino koma alibe zinazo sangapitirire 30, ndipo walephera popanda wina kumuimba mlandu uliwonse. Ubwino umenewu ndi waukulu, chifukwa mlandu wa kubera ndi wovuta kuutsimikizira ndipo ukalakwika umaononga mbiri ya munthu wosalakwa.

Zizindikiro zodalirika ndi zosadalirika

Chizindikiro champhamvu ndi kuduka kwa unyolo. Chimangirizo chomaliza chimatchula mawu amene m'kope mulibe. Dirafuti ndi chimangirizo chomaliza zili ndi mfundo zofanana ndendende, kusiyana kwake kuli pa zilembo zokha, ngati kuti dirafutiyo inapangidwa pochita kuipitsa chimangirizo chimene chinalipo kale. Kope lalembedwa ndi cholembera chimodzi, mwaukhondo, m'ziganizo zathunthu za Chingerezi, pamene macheza anachitika m'Chichewa pa masiku atatu osiyana. Mabanja onse atatu akuyankhula ngati nduna pa msonkhano, ndipo aliyense akutsimikizira bwinobwino zimene wophunzira analosera pa sabata yoyamba. Anthu enieni sayankha mwadongosolo chotero. Amapatuka, amadzitsutsa, amadandaula za zina.

Koma chilichonse mwa izi ndi chifukwa chofunsira funso, osati chigamulo. Wophunzira akhoza kukhala kuti anakopera kope lake mwaukhondo poopa kuchita manyazi ndi malembedwe ake, n'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kuneneratu kuti akufuna kope losakonza. Kusiyana kwa Chingerezi cha pepala loyamba ndi cha chimangirizo chomaliza nako sikodabwitsa pakokha, poti munthu wopatsidwa masabata 6 ndi dikishonale amalemba bwino kuposa wa mphindi 20. Amene amachita chibwibwi kapena mantha pamaso pa mphunzitsi akhoza kuoneka ngati wobera pamene si wobera. Wotere amathandizika akaloledwa kugwira kope lake ndi kupatsidwa funso loyamba losavuta.

Aphunzitsi ena amadalira mbiri ya kalembedwe imene mapulogalamu monga Google Docs amasunga pansi pa Version history, imene imasonyeza nthawi imene mawu analowa m'chikalata. Imathandiza, koma ili ndi zofooka ziwiri. Wobera akhoza kungotayipa pamanja zimene makina alemba pa foni ina, ndipo mbiriyo idzaoneka yabwinobwino. Komanso wophunzira wopanda laputopu, amene amalemba pa pepala kapena pa foni popanda bando n'kudzamata zonse nthawi imodzi pa kompyuta yobwereka, amaoneka ngati wakuba. Kumene zipangizo ndi intaneti sizifikira onse mofanana, kope ndi siginecha ya mphunzitsi n'zachilungamo kuposa mbiri ya pa kompyuta.

Mtengo wake kwa mphunzitsi

Chotsutsa chachikulu pa njirayi ndi nthawi, ndipo n'choona. Pa kalasi ya ophunzira 60, kuchonga chimangirizo chimodzi kwa mphindi 20 aliyense kumatenga maola 20. M'njira ya magawo, kusayina mapepala oyamba kumatenga ola limodzi, kuona umboni kwa mphindi zitatu aliyense maola atatu, kuwerenga dirafuti ndi kulemba funso kwa mphindi zisanu aliyense maola asanu. Chimangirizo chomaliza ndi kalata yake zimatenga mphindi 15 aliyense, chifukwa mphunzitsi akuzidziwa kale, ndiye kuti maola 15, ndipo zapakamwa zimaonjezera maola asanu. Onse pamodzi ndi maola 29. Kuonjezera kwa maola 9 kumapiririka pokhapokha ngati asayimenti imeneyi ilowa m'malo mwa ziwiri kapena zitatu zing'onozing'ono. Kuiunjika pamwamba pa zakale n'kumene kumachititsa aphunzitsi kuisiya pakatha semesita imodzi.

Pa kalasi ya ophunzira 300, masamu omwewo amafika pa maola 145, zimene munthu mmodzi sangakwanitse. Pamenepo zina zimayenera kudulidwa mwanzeru. Pepala loyamba limatsala, chifukwa ndi lotsika mtengo kuposa zonse. Umboni ukhoza kusonkhanitsidwa m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse n'kulandira funso limodzi la mphunzitsi, kotero mafunso amakhala 60 m'malo mwa 300, koma chimangirizo ndi kalata zimakhala za munthu payekha. Zapakamwa zikhoza kusanduka tsamba limodzi lolembedwa m'kalasi, pamene aliyense amayankha mafunso awiri okhudza chimangirizo chake popanda kuchiona. Njira ina ndi kuitana ophunzira ochepa osankhidwa mwamaere, onse atauzidwiratu kuti maere akhoza kugwera aliyense. Pamenepa malikisi a zapakamwa amasamutsidwira ku magawo ena, ndipo oitanidwawo amangotsimikizira kuti ntchito ndi yawo. Kusankha okhawo amene mphunzitsi akuwakayikira kumasandutsa macheza kukhala mlandu, ndipo kawirikawiri kumagwera amene anthu amawaderera kale.

Masiku operekera magawo amafunanso kufewa pang'ono. Asayimenti ya tsiku limodzi lomaliza imapatsa wophunzira mpata umodzi wochedwa, pamene ya magawo 6 imamupatsa mipata 6, ndipo maliro, malungo ndi kuthima kwa magetsi sizisankha sabata. Mphunzitsi akhoza kupatsa aliyense masiku atatu achisomo oti awagwiritse ntchito pa gawo lililonse popanda kufotokoza chifukwa. Chimene sichiyenera kuloledwa ndi kupereka magawo angapo tsiku limodzi, chifukwa dirafuti yobwera pamodzi ndi chimangirizo chomaliza sinalandirepo funso la mphunzitsi, ndipo palibe chimene ikutsimikizira.

Chaka chotsatira funso liyenera kusintha, apo ayi makope a chaka chino adzayenda m'manja mwa ophunzira atsopano monga momwe zimangirizo zakale zinkayendera. Kamangidwe ka magawo kamakhala komweko, koma m'malo mwa makala mukhoza kubwera madzi a pa kiyosiki, zinyalala za mumsika kapena njerwa zootcha. Mphunzitsi amene wasunga zithunzi za makope a chaka chatha amazindikira msanga banja la mita yogawana likatulukiranso m'kope la munthu wina.